Mawu akamveka patali pa foni: fumbi litulukire komwe linalowera

Pamwamba penipeni pa foni yanu, pamene sikirini yathera, pali kampata kakang'ono kopingasa. Pa mafoni ena kamaoneka bwino ndipo kali ndi timabowo tambiri, pamene pa mafoni a masiku ano n'kopyapyala moti ena sadziwa n'komwe kuti kalipo. Mawu a munthu amene mukulankhula naye amatulukira pamenepo foni ikakhala pakhutu. Kampataka kakatsekeka, mnzanu amamveka ngati ali kutali, inu n'kumangoti "mwati bwanji?" kapena kuika foni pa laudi, nkhani ya kubanja n'kumveka kwa aliyense wa m'minibasi.

Vutoli silibwera tsiku limodzi. Mawu amachepa pang'onopang'ono kwa miyezi, ndipo mwini foni amayamba ndi kunamizira netiweki, kenako makutu ake. Akazindikira kuti ndi litsiro, dzanja limathamangira ku singano, ku pini yotulutsira simu khadi, kapena amangouzira ndi pakamwa. Apa m'pamene mafoni ambiri amaonongekera, chifukwa njira zonsezi zimakankhira zinthu m'kati, pamene ntchito yofunika ndi yozikokera kunja.

Kuti izi zimveke, tiyeni tione zimene zili kuseri kwa kampatako. Choyamba pali kasefa, kamene pa mafoni ena n'kachitsulo, pa ena n'ka ulusi wa pulasitiki wolukidwa mothinana. Mafoni amene analembedwa kuti IP67 kapena IP68 amakhalanso ndi chotchinga china chopyapyala kwambiri chimene chimalola mawu kudutsa koma chimakaniza madzi. Kenako pakubwera sipika yeniyeniyo, kabokosi kosaposa chikhadabo cha chala chaching'ono. M'kati mwake muli maginito, kakoyilo ka waya woonda kuposa tsitsi, ndi kanembanemba kamene kamanjenjemera n'kukankha mpweya kuti mawu apangike. Kuchokera pa kasefa kufika pa kanembanembako ndi mtunda wochepa kwambiri, ndipo nsonga ya singano sichedwa kufikapo. Pafupi pomwepo palinso kamera ya kutsogolo ndi kachipangizo kamene kamazimitsa sikirini foni ikayandikira tsaya lanu.

Chimene chimatseka kasefa si fumbi lokha. Fumbi louma likanakhala lokha likanamagwa mukagwedeza foni. Koma foni imakhudza khutu ndi tsaya kangapo pa tsiku, ndipo pakhungu pamakhala thukuta, mafuta a thupi, mafuta odzola, ena paudala. Mafutawa amatsalira pa kasefa, fumbi la m'thumba ndi la mumsewu limamatirira pa mafutawo, mawa pabweranso mafuta ena, mpaka pamapangika phala lolimba limene limatseka timabowo timodzitimodzi. N'chifukwa chake ambiri amadandaula m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene fumbi ndi thukuta zimakumana. Aliyense amene anasefapo ufa wonyowa pang'ono akudziwa kuti sefa ikatsekeka sutikita ndi chala kuti ufawo upyole. Umaitembenuza n'kuigogoda kuti zotsekazo zigwere mbali imene zinalowera. Ku foni nkhani yake ndi yomweyo, kungoti chimene chapyola kasefa ka foni sichigwera m'lichero ayi, chimakakhala pa kanembanemba, kumene mswachi sungafikeko.

Tsimikizani kaye kuti ndi litsiro

Musanakhudze chilichonse, imbirani munthu amene ali pafupi ndipo mumvere mawu ake m'njira zitatu: foni ili pakhutu, ili pa laudi, ndiponso ndi mahedifoni. Ngati akumveka bwino pa laudi ndi pa mahedifoni koma pakhutu mawu ndi otsekeka, mlandu uli pa sipika ya kukhutu. Ngati akumveka moipa konsekonse, kapena akudukaduka pa mafoni ena okha, ndiye kuti ndi netiweki kapena foni ya mnzanuyo, ndipo kupukuta sikuthandiza kanthu. Kwezaninso voliyumu muli m'kati molankhula, chifukwa voliyumu ya pokambirana ndi yosiyana ndi ya nyimbo, ndipo batani la m'mbali limaisintha pokhapokha foni ikuimbidwa. Onani ngati Bluetooth sinalumikize foni ku sipika ina ya m'nyumba, komanso ngati pamwamba pa sikirini sipakuoneka kachizindikiro ka mahedifoni pamene simunalowetse chilichonse.

Chinthu china chimene anthu amachiiwala ndi galasi loteteza sikirini. Magalasi ambiri a pamsika amaikidwa pa foni imene si yake, bola kukula kwafanana, ndipo m'mphepete mwake mumaphimba theka la kampata ka mawu. Kava yokhuthala nayo imatha kuchita chimodzimodzi. Ngati mawu anachepa tsiku lomwe munaikitsa galasi, musavutike ndi mswachi.

Mafoni ambiri a Samsung ali ndi njira yachidule yoyesera. Pamene mumalemba nambala yoimbira lembanipo `*#0*#`, ndipo pabwera timabokosi tambiri. Mukadina palembedwa Receiver, sipika ya kukhutu yokha imalira. Si mafoni onse a Samsung amene amalola zimenezi, koma kumene zikutheka zimakupatsani mawu ofanana oti muyerekezere musanayeretse ndi mutayeretsa. Pa mafoni amene sipika ya kukhutu imaimbanso nyimbo limodzi ndi ya pansi, ikani nyimbo n'kutseka ya pansiyo ndi chala, mumve ya pamwamba payokha.

Mverani bwino mtundu wa vutolo. Mawu otsika koma osalala, ngati munthu akulankhula atatseka pakamwa ndi nsalu, kawirikawiri ndi litsiro. Mawu othetheka kapena olira ngati njuchi, makamaka mnzanu akakweza mawu, amasonyeza kuti kanembanemba kang'ambika kapena pali china chimene chakakhalapo. Kukhala chete kwenikweni, osamva kalikonse, sikumakhala kwa litsiro kawirikawiri, chifukwa ngakhale kasefa katatsekeka chotani, timawu tochepa timadutsabe.

Ntchito yeniyeni

Tiyerekeze ndi foni ya mayi amene amakazinga mandasi m'mbali mwa msewu wafumbi. Foni yake amaigwira ndi manja a mafuta, amaisunga m'thumba la epuloni mmene mumakhalanso ufa pang'ono, ndipo yatha chaka isanayeretsedwe. Pa laudi ikumveka bwino. Pakhutu, ngakhale voliyumu ili pamapeto, ayenera kutseka khutu linalo kuti amve.

Zida zake n'zochepa: mswachi wofewa, watsopano ndi wouma, makamaka wa ana chifukwa tiubweya take n'toonda, kansalu koyera kosathothoka ulusi, monga kopukutira magalasi a maso, selotepi, makamaka ya pepala ija amagwiritsa ntchito openta nyumba, ndi tochi ya foni ina. Mswachi wakale musautenge. M'tsinde mwa tiubweya take mumatsalira mankhwala otsukira mano ouma, amene amasanduka ufa woyera n'kulowa m'timabowo tomwe mukufuna kutsegula.

Amazimitsa foni n'kuchotsa kava. Kenako amaunika kampata ndi tochi kuchokera m'mbali, osati kuchokera pamwamba, chifukwa kuwala kopendekeka n'kumene kumaonetsa ngati timabowo tili totseguka. Pa foni yake akuona kamzere kotuwa, konyezimira pang'ono, kamene kadzaza kampata konse, ndipo timabowo tooneka takuda, kutanthauza totseguka, tatsala m'mbali mokha. Asanafike pa kampatako amayamba wapukuta galasi lozungulira ndi kansalu kouma, akukoka kuchokera pa kampata kupita kutali. Akapukuta molowera ku kampata, ndiye kuti akusesera mafuta a pa sikirini yonse m'dzenje lomwe akufuna kukumba.

Tsopano pakubwera chinthu chimene chimasiyanitsa kuyeretsa ndi kuononga. Foni amaigwira chozondoka, sikirini itayang'ana pansi, kumtunda kwake kutapendekera pansi pang'ono, iye n'kumagwira ntchito kuchokera kunsi. N'zosasangalatsa m'manja ndipo munthu saona bwino, n'chifukwa chake ambiri amaigoneka chagada patebulo. Koma foni ikakhala chagada, kalikonse kamene mswachi wamasula kamagwera m'kati. Ikakhala chafufumimba, kamagwera patebulo. Ndi bwino kuyala pepala loyera pansi kuti muone zimene zikutuluka.

Mswachi amaugoneka mopendekeka kuti nsonga za tiubweya zingokhudza kasefa cham'mbali, osati kubaya molunjika. Amasesa motsatira utali wa kampata, kuchokera pakati kupita kumapeto a kumanja, kenako kuchokera pakati kupita kumanzere, ndipo kumapeto kulikonse amatukula mswachi ngati akukokolola. Sapita uku ndi uku ngati akutsuka mano, chifukwa kubwerera kumabweza zimene zatuluka. Mphamvu yake ikhale yochepa moti tiubweya tisapindike. Tikapindika ndiye kuti akudinikiza phala lija m'timabowo. Akasesa kakhumi kapena kupitirira pang'ono amaima, amagogoda kumsana kwa foni mopepuka ndi chala, amagwedeza mswachi kutali ndi foni, n'kuyambanso. Pa pepala payamba kuoneka tizidutswa totuwa.

Mswachi umamasula, koma sunyamula zonse, makamaka litsiro la mafuta ngati la mayiyu. Apa m'pamene selotepi imagwira ntchito. Amadula kachidutswa kotalika ngati chala, amakapinda pakati mbali yomata ili kunja kuti papangike kamphepete kosongoka, ndipo kamphepeteko amakakhudzitsa m'kampata n'kukachotsa pang'onopang'ono. Malo a selotepi amene agwira kale litsiro sawabwezeranso, amasuntha n'kugwiritsa ntchito pena. Ena amagwiritsa ntchito phula lija lomatira mapepala kukhoma, ndipo limatola bwino kuposa selotepi chifukwa limalowa m'makona. Koma phulali lili ndi khalidwe loipa kukatentha: limafewa, ndipo mukalidinikiza kwambiri limaduka n'kutsalira m'timabowo, vuto n'kukhala lalikulu kuposa poyamba. Ngati mukuligwiritsa ntchito, likhale lozizira ndi lolimba, mulikhudzitse mopepuka ndi kulichotsa nthawi yomweyo.

Akasinthanitsa mswachi ndi selotepi kawiri kapena katatu, ntchito ya mphindi zosaposa 10, amaunikanso. Timabowo takuda tikawonjezeka, amayatsa foni n'kuimbira munthu yemwe uja. Pa foni ngati iyi kusintha kumamveka pomwepo, ngakhale timabowo tina titatsalabe totseka. Ndipo pamenepa ndi poyenera kulekera. Anthu ambiri amaononga foni pa mphindi zomaliza, pofuna kuti kasefa kawale ngati katsopano, chonsecho mawu abwerera kale.

Za singano, mpweya ndi sipiriti

Singano imakopa chifukwa imaoneka ngati ikugwira ntchito. Mukabaya kabowo kamodzi kamatseguka ndipo mawu amakwera pang'ono. Koma phala limene linali m'kabowomo silinatuluke, lapita kuseri. Dzanja likaterereka, singano imaboola kasefa, chotchinga madzi, mwinanso kanembanemba. Kasefa koboola sikabwerera, ndipo kuyambira tsiku limenelo fumbi limalowa mosaletsedwa. Kamtengo kotokosera m'mano n'kabwinoko pokanda litsiro louma la m'mphepete mwa kampata, kakagonekedwa cham'mbali, koma nsonga yake isayang'ane pa kasefa. Timitengo ta thonje totokosera m'makutu n'tonenepa kuposa kampata, choncho timangopsinja litsiro ndi kusiya ulusi.

Kuuzira ndi pakamwa kumatumiza fumbi m'kati limodzi ndi chinyezi cha mpweya wanu ndi timalovu, zimene zimathandiza phala lija kugwirana. Kompuresa ya pamalo opopera matayala ndiye yoopsa zedi, chifukwa kanembanemba kanapangidwa kuti kazisuntha pang'ono kwambiri, ndipo mphepo yamphamvu imatha kukang'amba kapena kusuntha kakoyilo pamalo pake. Kampani ya Apple imaletsa poyera kugwiritsa ntchito mpweya wopopa poyeretsa iPhone, ndipo pa sipika yotsekeka imalangiza burashi yaing'ono, yofewa, yoyera ndi youma. Kuyamwa ndi makina oyamwira fumbi kuli ndi ubwino woti kumakokera kunja, koma mphamvu yake ndi yochuluka kwa kanthu kosalimba chonchi, choncho sindingakulangizeni.

Nkhani ya zamadzimadzi ndi yovutirapo, chifukwa mudzaona okonza mafoni akunyowetsa burashi ndi mankhwala ena oyera. Amenewo ndi alikoholi wa aisopuropilo, kawirikawiri wa 99 peresenti, amene amasungunula mafuta n'kuuma msanga. Amagwiradi ntchito pa phala louma limene mswachi walephera. Koma chimene chasungunuka chimayenderera, ndipo foni ikakhala chagada chimayenderera kulowa m'kati. Akachuluka amafewetsa guluu wogwira kasefa ndi sikirini, amatha kuchititsa chifunga pa kamera ya kutsogolo, ndipo pa masikirini ena amasiya mabanga kuseri kwa galasi. Ngati muli nayedi ndipo njira youma yakanika, dontho limodzi lipite pa mswachi, osati pa foni. Kenako pukutani mswachiwo pa nsalu mpaka uoneke ngati wouma, sesani foni ili yozimitsa ndi chozondoka, ndipo dikirani mphindi 15 musanaiyatse.

Zina zimene zimapezeka m'nyumba si zolowa m'malo mwake. Sipiriti ya pepo ili ndi utoto umene umatsalira ikauma. Sanitaiza wa m'manja ali ndi gilisalini, amene sauma ndipo amasiya kunanda kumene fumbi limakukonda. Pafyumu ali ndi mafuta, thina ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo zimadya pulasitiki, ndipo kachasu, kwa amene aganiza kale za iye, ali ndi madzi ambiri.

Foni ikanyowa ndi mvula kapena thukuta, mawu amatsekekanso chifukwa madzi amatseka timabowo. Pamenepo musasese, chifukwa fumbi lonyowa ndi matope, ndipo mswachi umangowamata. Igwireni chozondoka, igogodeni mopepuka pachikhatho, ndipo isiyeni pamthunzi podutsa mphepo kwa maola angapo. Padzuwa ayi, pafupi ndi mbaula ayi, chifukwa batire silifuna kutentha, ndipo mumpunga imangotolamo fumbi la mpungawo. Timapulogalamu tina timaliza kamvekedwe kotsika kogwedeza sipika kuti madzi atuluke, ndipo mafoni ena a Xiaomi ndi Redmi ali nako kale pansi pa dzina loti Clear speaker. Kamathandiza pa timadontho ta madzi ndi fumbi losamatirira, koma phala la mafuta la chaka chathunthu silingachoke ndi kulira kwa sipika.

Pamene mswachi ulibe mphamvu

Pali gulu lina la anthu amene foni zawo zimatsekeka mwa mtundu wina: owotcherera zitsulo, osula mbaula ndi ndowa, amakanika, ndi aliyense wogwira ntchito pafupi ndi makina operera chitsulo. Fumbi lawo lili ndi tizitsulo tosaoneka ndi maso, ndipo maginito a m'sipika amatikoka. Tizitsuloti sitidikira kuti wina atikankhe, timadzilowera tokha kupyola kasefa n'kukaunjikana pa kanembanemba, kamene kamalemedwa n'kulephera kunjenjemera. Chizindikiro chake n'chakuti mawu amatsika komanso amathetheka, ndipo mukakhudzitsa selotepi pamabwera tiufa takuda tonyezimira. Mukasesa, tina timabwerera pomwepo chifukwa maginito akutikokabe. Selotepi kapena phula zimachotsa ta kunja, koma ta m'kati timafuna kuti foni itsegulidwe. Kwa anthu a ntchito zimenezi chothandiza kwambiri ndi kusunga foni m'kajumbo kotseka kapena kutali ndi pogwirira ntchito, chifukwa ngakhale sipika yatsopano imadzazanso m'miyezi yochepa.

Wokonza mafoni wodziwa ntchito yake ali ndi mwayi umene inu mulibe. Iye akatsegula foni amachotsa sipika n'kuiika pambali, kenako amatsuka kasefa kuchokera m'kati kupita kunja, kumbuyo kwake kulibe chilichonse choonongeka. Kakakhala koboola amaikapo kena. Choncho mukapita nayo, muoneni mmene akuyambira. Akatenga singano, kapena akathira mankhwala mwachindunji pa kampata foni ili chagada, akuchita zomwe mukanachita nokha kunyumba, ndipo muli ndi ufulu womuletsa. Yesani mawu, kamera ya kutsogolo ndi kuzima kwa sikirini pakhutu muli pomwepo, asanatsegule ndiponso atatseka.

Dziwaninso mtengo wa kutsegula. Foni yosalowa madzi ikatsegulidwa, guluu wake wotchinga amafunika kuikidwa watsopano, apo ayi chitetezocho chatha. Ngati foni ikadali pa waranti, kuitsegulitsa pamsika kungakutayitseni warantiyo, choncho yambani mwapita komwe munagula. Eni iPhone asamale kwambiri. Pa iPhone X ya 2017 ndi mitundu ingapo yotsatira, sipika ya kukhutu ili pa kalamba kamodzi ndi kachipangizo kena ka Face ID, kamene kanalumikizidwa ndi foni imeneyo yokha. Wokonza akang'amba kalambako kapena akasintha chonsecho ndi china, mawu amabwerera koma foni imaleka kuzindikira nkhope yanu. Mufunseni asanayambe ngati akusintha sipika yokha kapena kalamba konse.

Mawu akabwerera, musadikirenso chaka. Pukutani kumtunda kwa foni ndi kansalu kouma madzulo, makamaka tsiku limene mwadzola mafuta ambiri kapena mwatuluka thukuta, ndipo kamodzi pa mwezi sesani kampatako ndi mswachi wouma uja foni ili chozondoka. Ngati mwasesa katatu, timabowo tikuoneka totseguka koma mawu sanasinthe, lekani pomwepo ndipo pitani nayo kwa wokonza, chifukwa vuto lili kuseri kwa kasefa.